Liwiro la galimoto pakona: malire ake ali pati?

Minibasi ikakhota mothamanga, mumapezeka mwatsamira mnzanu, ndipo ambiri amati pali mphamvu imene yawakankhira kunja. Palibe mphamvu yotero. Thupi lanu limangofuna kupitirira kumene limalowera, pamene galimoto yapatuka.

Galimoto nayonso imafuna kulunjika. Kuti ikhote, pamafunika mphamvu yoikokera pakati pa bwalo limene konayo ndi chigawo chake. Kukula kwa mphamvuyi ndi mv²/r, pamene m ndi masi ya galimoto, v ndi liwiro, ndipo r ndi lediyasi, mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika pamene pali galimoto.

Nanga mphamvuyi imachokera kuti? Pamsewu wafulati, kulemera kwa galimoto, mg, kumaloza pansi, ndipo msewu umakankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana nayo. Zonsezi sizikokera m'mbali. Chotsala ndi kugwirana kwa matayala ndi msewu, komwe m'kalasi timati fulikishoni. Kugwiranaku sikungapose μmg, pamene μ ndi nambala yosonyeza mmene tayala likugwirira msewuwo. Galimoto ikangotsala pang'ono kuterereka, mphamvu yofunikayo imakhala yafika pamalirewa:

mv²/r = μmg

m ali mbali zonse ziwiri, choncho amachoka:

v = √(μgr)

Apa ndi pamene ine ndinakana poyamba. Galimoto yodzaza matumba a chimanga ndi yopanda katundu ziyambe kuterereka paliwiro limodzi? Inde. Yolemerayo imafuna mphamvu yambiri kuti ikhote, komanso imapsinja msewu kwambiri, ndiye imagwiranso kwambiri.

Tiyese kona ya lediyasi ya mamita 50, phula lili louma, μ = 0.7 ndi g = 9.8 m/s². Tikachulukitsa 0.7 × 9.8 × 50 tipeza 343, ndipo √343 ndi pafupifupi 18.5 m/s. Dalaivala sawerenga mamita pa sekondi, choncho tichulukitse ndi 3.6: makilomita pafupifupi 67 pa ola.

Tsopano kwagwa mvula, tinene kuti μ watsika kufika pa 0.4. Tipeza 0.4 × 9.8 × 50 = 196, ndipo √196 = 14 m/s, omwe ndi makilomita 50 pa ola. Amene anakhota bwinobwino m'mawa pa 60, madzulo atuluka mumsewu pakona yomweyo.

Pamayeso, werengani funso bwino. Likapereka dayamita, igaweni pawiri musanaiike m'malo mwa r. Ngati yankho lanu pachitsanzo choyamba chija latuluka 343 m/s, mwaiwala chizindikiro cha √. Limenelo ndi liwiro la phokoso mumpweya, osati la galimoto.

Masamuwa akuganizira dalaivala amene sakuwonjezera kapena kuchepetsa liwiro. Akaponda mabuleki ali pakati pa kona, gawo lina la fulikishoni limapita koimitsa galimoto, lokhotetsa n'kuchepa. Ndipo lole yosanjikiza katundu m'mwamba ikhoza kugubuduka isanafike n'komwe paliwiro loterereka.