Phunziro langa linasokonekera, ndilembe chiyani m'buku?

Funso: Ndili pa maphunziro oyeserera uphunzitsi. Dzulo ndimaphunzitsa kugawa mu Sitandade 4, koma ntchito ya m'magulu inangosanduka phokoso mpaka belu linalira. M'buku langa ndinangolemba kuti "phunziro silinayende bwino". Kodi n'zokwanira?

Yankho: Ayi aphunzitsi, chiganizo chimenecho sichidzakuthandizani mawa. Tsatirani njira imene Graham Gibbs anafalitsa mu 1988.

Yambani ndi zimene zinachitika, osadziweruza: magulu analipo angati, phokoso linayamba mphindi iti. Kenako lembani mmene munamvera, kaya manyazi kaya mkwiyo, paokha, kuti zisasakanikirane ndi zimene munaona. Tchulaninso chimene chinayenda bwino.

Pofunika kukhalitsa ndi pa chifukwa. Musathamangire kunena kuti ana ndi osamvera. Kawirikawiri mphunzitsi amagawa timiyala asanapereke malangizo, ndiye manja akatanganidwa makutu amatseka. Kodi munafunsa mwana mmodzi kuti abwereze malangizowo?

Malizani ndi chinthu chimodzi chomwe musinthe, monga "malangizo poyamba, timiyala pambuyo", ndipo mukachiyesa mulembenso zotsatira. Vutolo likabwera katatu, pemphani mphunzitsi wokuyang'anirani adzaonerere phunziro lanu.