Musanapachike Tivi, Funsani Khoma Lanu

Bambo wina wa ku Chama, mlimi wa mpunga, atagulitsa zokolola zake anakwera galimoto kupita ku Lundazi nakagula tivi ya mainchesi 43 pamodzi ndi bulaketi yokhala ndi mkono wotambasuka. Anaipachika yekha pabalaza, pamwamba kwambiri, kuti ana asamaifikire. Nthambo zake zinkalendewera mpaka pa dikoda imene inali pa mpando. Tsiku lina mwana wamng'ono anagwira nthambo ija n'kuikoka. Mabawuti apamwamba anazuka ndi dothi lawo lomwe, tivi inagwa chafufumimba ndipo galasi linasweka. Mwanayo inamukhula paphewa. Ikanangosuntha pang'ono ikanamugwera pamutu.

Anthu anati mwanayo ndi wosamva. Ayi, abale anga. Kamwana kosakwana zaka zitatu sikangazule bawuti yogwira bwino m'njerwa. Tivi ija inayamba kugwa tsiku limene inapachikidwa.

Nyumba ya bamboyo ndi ya njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, kenako n'kupakidwa pulasitala wa simenti. Nyumba zotere n'zambiri m'chigwa cha Luangwa, ndipo mukaliona khomalo mumati ndi lolimba. Poboola bowo loyamba anakumana ndi njerwa, fumbi lofiira likutuluka, ndipo kunali kolimba. Anasuntha pang'ono, n'kupeza pamene chitsulo chinalowa mosavuta. Anakondwa. Sanadziwe kuti walowa mumzere wa dothi wa pakati pa njerwa. Kapulasitiki kogwira bawuti katakhwepa m'bowomo, anapanikiza ndi timitengo ta machesi. Safunsa anadya phula. Kodi inu simunachitepo zimenezi popachika kalilole kapena wotchi? Dziwani kuti tivi si wotchi.

Tivi ya mainchesi 43 imalemera pafupifupi makilogalamu 8, ndipo ambiri amati kulemera kumeneko n'kochepa. Ikamatirira kukhoma, kulemerako kumatsikira pansi ndipo mabawuti amangonyamula. Koma mukatambasula mkono wa bulaketi masentimita 40, pamene mabawuti apamwamba ndi apansi atalikirana masentimita 20 okha, apamwambawo amakokedwa kuchoka m'khoma ndi mphamvu yowirikiza kawiri kulemera kwa tiviyo. Nthawi iliyonse imene wina atembenuzira tivi kukhonde kuti anzake aonere mpira, bawuti imagwedezeka ndi kupera dothi pang'onopang'ono.

Khoma linachenjeza, koma panalibe womva. Mayi wa m'nyumbamo ankasesa kafumbi pansi pa tivi m'mawa uliwonse, akuyesa kuti ndi chiswe. Tivi inayamba kupendekera mbali imodzi. Pakati pa bulaketi ndi khoma panaoneka mpata woti n'kulowetsa ndalama yachitsulo, ndipo pulasitala anang'ambika mozungulira bawuti ina. Bamboyo anayesa kuimanga, koma inkangozungulira osalimba. Chizindikiro chimenechi n'chomaliza. Bawuti yozungulira osagwira ndiye kuti m'kati mulibenso choigwira. Pitani mukayang'ane kuseri kwa tivi yanu lero. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, itsitseni nthawi yomweyo, musadikire Loweruka.

Tsono mupachike kapena muike pa tebulo? Yankho lili m'khoma lanulo. Ngati ndi la njerwa zootcha bwino zomangidwa ndi simenti, pachikani. Sankhani bulaketi yomatirira kukhoma, boolani pakati pa njerwa osati mumzere, ndipo bawuti ilowe m'njerwamo masentimita osachepera 5, osawerengera pulasitala. Bowo lifanane ndi kapulasitiki kake, kalowe mochita kukhomerera. Musanakoloweke tivi, kokerani bulaketiyo pansi mwamphamvu ndi manja onse awiri. Ikasuntha ngakhale pang'ono, musapitirize. Koma ngati khoma ndi la zidina, kapena la njerwa zofumbutuka mukazikanda ndi msomali, lekani. Palibe manyazi kuika tivi pa tebulo.

Komatu tebulo nalo limapha. Ku Amereka ana ambiri anafa pogweredwa ndi mativi ndi makabati, mpaka mu 2015 bungwe la boma la Consumer Product Safety Commission linayambitsa ntchito yophunzitsa makolo kumangirira katundu wotereyu. Tebulo la tivi likhale lalifupi, lolemera ndi lotambalala kuposa miyendo ya tiviyo. Musaiike pa kabati ya madilowa, chifukwa mwana amatsegula madilowa n'kukwerapo. Kuseri kwa tivi kuli mabowo anayi a bulaketi. Mangani lamba wolimba pa awiri apamwambawo, kenako mumukhomere kumbuyo kwa tebulo. Ndipo limoti kapena switi musaziike pamwamba pamene mwana angazione n'kufuna kukwera.

Nkhani ya kutalika ndiyo inamusokoneza kwambiri bambo uja. Anaika pakati pa tivi pa mamita 2 kuchokera pansi, ndiye kuti aone bwino anachita kuiweramitsa, zimene zinawonjezera katundu pa mabawuti apamwamba. Lamulo lake n'losavuta: pakati pa galasi pakhale molingana ndi maso anu mutakhala pansi. Khalani pa mpando umene mumaonerapo, wina ayeze kuchokera pansi kufika m'maso mwanu. Kwa ambiri pamakhala masentimita 100 mpaka 110. Galasi la tivi ya mainchesi 43 ndi lalitali pafupifupi masentimita 54, choncho m'munsi mwake mukhale pa masentimita 73 mpaka 83. Mpando utalikire mamita 2 kapena 2.5. Ganiziraninso ana ndi agogo amene amakhala pa mphasa. Tivi ikakwera kwambiri, iwo amapinda khosi usiku wonse, chithunzi n'kumaoneka chakuda kapena chotuwa. Ngati anthu a m'nyumba mwanu amatsamira chagada kapena kusisita khosi filimu ikatha, tivi yanu yakwera mopitirira. Musaiyang'anitsenso kuzenera kapena kukhomo, chifukwa dzuwa la ku Chama lidzadzaza galasi lonse, ndipo mudzayamba kuitembenuza tsiku ndi tsiku.

Nthambo yolendewera imaitana dzanja la mwana. Ndiyo inamalizitsa ngozi ija. Gulani kangalande kapulasitiki kokhala ndi chivundikiro kamene amadutsitsamo mawaya, mukakhomere kukhoma kuchokera kuseri kwa tivi kutsika molunjika mpaka pa soketi kapena pa batire ya sola. Siyani nthambo yokhwepa pang'ono kuseri kwa tivi kuti isamakoke pulagi. Musakwirire nthambo ya magetsi mu pulasitala popanda paipi, chifukwa ikawonongeka simudzaiona, ndipo wina adzakhomapo msomali. Musaidutsitse pansi pa mphasa kapena kapeti. Musailumikize ndi zidutswa n'kukulunga pepala lapulasitiki. Soketi ikhale pamalo pofikika, kuti mvula ya ziphaliwali ikayamba muzule pulagi ndi nthambo ya mbale yakunja msanga. Ngati pakufunika soketi yatsopano kuseri kwa tivi, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi.

Mwina mukuti yanu yakhala pakhoma chaka chonse osagwa. Kodi mukudziwa chimene mabawuti ake agwira, njerwa kapena dothi? Ngati munapachikitsa kwa wina ndipo simunaone fumbi limene linatuluka m'mabowomo, simukudziwa. Itsitseni mothandizana anthu awiri, muyese bawuti iliyonse, ndipo kufikira mutatsimikiza, mwana asakhale kapena kugona pansi pake.