Phunziro: Kulemba Zimene Manambala Akukuloleza Kunena

Lipoti la kafukufuku limakhala ndi magawo angapo. Gawo lina limangoonetsa manambala amene apezeka. Gawo lotsatira ndi pamene wofufuza amakambirana zotsatirazo, kufotokoza kuti zikutanthauza chiyani. Apa m'pamene ambiri amaterera. Manambala amanena zochepa, koma cholembera chimafuna kunena zambiri. M'phunziro lino tiona m'mene wofufuza amasankhira mawu, ndipo titsata kafukufuku mmodzi amene anachitikira ku Zomba.

M'zaka za 2008 ndi 2009, atsikana ena osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'boma la Zomba ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Mtsikana ankalandira dola imodzi mpaka madola 5, ndipo makolo ake ankalandira madola 4 mpaka 10. Ofufuza, motsogozedwa ndi Sarah Baird, anatenga madera 176 n'kuchita mayere. Theka la maderawo linagwera kolandira ndalama, theka linalo ayi. Patatha miyezi 18, atsikana ena a mbali zonse ziwiri anayezedwa magazi.

Mwa atsikana amene anali pasukulu pamene ntchitoyi inkayamba, zinatuluka motere. Kumene kunkapita ndalama anayezedwa 490, ndipo 7 anapezeka ndi HIV. Kumene sikunkapita ndalama anayezedwa 799, ndipo 17 anapezeka nako kachilomboko. Ofufuza atawerengetsa molingana ndi m'mene anasankhira atsikanawo, zinakhala ngati 12 pa 1,000 mbali yolandira, ndi 30 pa 1,000 mbali inayo. Lipoti lake linatuluka m'chaka cha 2012 m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet.

Tsopano tiyerekeze kuti wolemba ndinu. Chiganizo choyamba kubwera m'mutu n'chakuti: "Ndalama zimateteza atsikana ku HIV." N'chachifupi, ndipo n'chokoma kumva. Koma chafanana ndi malaya amene telala wasoka asanayeze mwini wake. Tiyeni tichiyeze.

Yambani ndi mawu oti "atsikana". Atsikana ake ati? Manambala aja ndi a atsikana a ku Zomba amene anali pasukulu. M'kafukufuku yemweyo munalinso atsikana amene anali atasiya kale sukulu. Pakati pa iwowa sipanaoneke kusiyana kodalirika pa HIV. Choncho chiganizo chanu chitchule gulu lenilenilo. Mukangolemba "atsikana", mwalowetsamo anthu amene manambala sanawanene.

Kenako onani mawu oti "zimateteza". Amene amawerenga mawuwa amamva kuti ofufuza anaona atsikana opanda kachilombo, n'kuwatsatira, n'kuwerenga amene anakatenga. Sizinali choncho. Atsikanawo sanayezedwe HIV poyamba. Anayezedwa patatha miyezi 18. Ndiye chimene chikudziwika n'chakuti pa nthawi yoyezayo, opezeka ndi kachilombo anali ochepa mbali yolandira ndalama. Ena mwa iwo n'kutheka kuti anali nako ndalama zisanayambe kubwera.

Apa mayere aja akuthandiza. Popeza madera anagawidwa mwamayere, palibe anasankha kuti ndalama zipite kumene matendawa ndi ochepa. Tiyenera kuyembekezera kuti mbali ziwirizo zinayamba mofanana. N'chifukwa chake wolemba ali ndi ufulu wonena kuti ndalamazo zikuoneka kuti ndi zimene zinabweretsa kusiyanako. Akanakhala kuti anangoyenda m'midzi n'kuyerekeza mabanja a ndalama ndi mabanja osauka, ufulu umenewu sakanakhala nawo. Akanangoti zinthu ziwirizi zimapezekera limodzi, basi, chifukwa mabanja a ndalama amasiyana ndi osauka pa zinthu zinanso zambiri.

Koma musaiwale kuchepa kwa manambalawo. Nkhani yonse yaima pa atsikana 24, ndiye kuti 7 kuphatikiza 17. Pakanapezeka atatu kapena anayi ena mbali yolandira, chithunzi chikanasintha. Ofufuza amadziwa zimenezi, ndipo sapereka nambala imodzi yokha. Amaperekanso malire, kunena kuti choonadi chili penapake pakati pa apa ndi apo. Ku Zomba malirewo anali otalikirana. Kuchepa kwa HIV kukhoza kukhala kwakukulu zedi, komanso kukhoza kukhala kwapang'ono, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi. Wolemba wachilungamo amanena mbali zonse ziwiri. Amene amangotchula yaikuluyo akugulitsa malonda.

Palinso funso loti zinatheka bwanji. Atsikana olandira ndalama ankanena kuti sagonana kawirikawiri, ndipo ochepa ndi amene ankati ali ndi chibwenzi cha zaka 25 kapena kuposerapo. Izi n'zomveka, koma ndi zonena iwo eni. Magazi amayezedwa, pamene za m'chibwenzi munthu amangofunsidwa, ndipo si onse amaulula kwa mlendo wonyamula mapepala. Pamenepa mpamalo pake polemba kuti "n'kutheka kuti".

Tikasonkhanitsa zonsezi, chiganizo chija chikhoza kukhala chotere: "Mwa atsikana a pasukulu ku Zomba, opezeka ndi HIV patatha miyezi 18 anali ochepa m'madera olandira ndalama. Popeza madera anagawidwa mwamayere, zikuoneka kuti ndalamazo zinathandiza, ngakhale kukula kwa thandizolo sikukudziwika bwino chifukwa opezeka ndi kachilombo anali ochepa. N'kutheka kuti atsikanawo anasiya kudalira zibwenzi zazikulu msinkhu." Chatalika, inde. Koma mawu alionse ali ndi pamene aponda.

Onani kuti gawo loyamba la chiganizo chatsopanochi lilibe "mwina". Kuti opezeka anali ochepa ndi zimene zinawerengedwa, ndipo zimanenedwa mosazengereza. Ena amaganiza kuti kusamala ndiko kumwaza "mwina" paliponse, mpaka kulemba kuti "mwina n'kutheka kuti zikhoza kuthandiza". Amenewa ndi mantha chabe, ndipo owerenga amatsala m'manja muli mbee. Mukakayikira, kayikirani kamodzi, pamalo oyenera, ndipo nenani chimene chikukukayikitsani.

Kodi kusamala konseku kunali ndi phindu? Ku South Africa, m'chigawo cha Mpumalanga, kunachitika kafukufuku wina wa atsikana a sekondale oposa 2,000. Kumeneko anawayeza poyamba n'kumawatsatira chaka ndi chaka. Lipoti la 2016 linasonyeza kuti ndalama sizinachepetse chiwerengero cha otenga HIV. Ku Zomba nakonso ofufuza anabwerera patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, ndipo kusiyana kuja pa HIV sikunaonekenso. Chiganizo chachifupi chija chinagwa ndi zimenezi. Chachitalicho chikadali choona mpaka lero, popeza chinatchula malo, gulu ndi nthawi.

Tsopano yeserani nokha. Pezani nkhani ya m'nyuzipepala kapena ya pawailesi yonena kuti "kafukufuku wapeza". Lembani m'kope mwanu chiganizo chake chachikulu. Pansi pake yankhani: anayeza ndani, anali angati, anayezedwa liti, ndipo anagawidwa mwamayere kapena ayi? Ngati nkhaniyo sikuyankha limodzi mwa mafunsowa, lembani kuti silinayankhidwe. Mukatero lembaninso chiganizocho m'mawu anu, ndipo mubwere nacho m'kalasi kuti anzanu adzachiyeze.