Oona ndi ambiri, ogula kulibe

Azakhali,

Ndine telala kuno ku Chipata Komboni, ku Lusaka. Temu ya Januwale yayandikira, ndiye ndinaika zithunzi 23 za mayunifomu pa sitetasi ya WhatsApp, n'kulemba kuti "Afika, ndifunseni mtengo." Anaona anthu 60. Anafunsa ndi alamu anga okha, nawonso akufuna pangongole. Kodi wina wandilodzera bizinesi?

Wodandaula

Mwana wanga,

Mfiti zisiye zipume, mlandu uwu si wawo. Zithunzi 23! Ukuyesa mabando amathyoledwa m'munda? Ine pa chithunzi chachinayi ndathawa kale.

Sitetasi imaoneka kwa munthu amene iwe unasunga nambala yake, nayenso anasunga yako, ndipo pakatha maola 24 imafufutika. Tsono 60 ajawo ndani? Abale, anzako a kwaya, ndi mnyamata uja unamukana kalekale. Makolo a ana asukulu mulibemo. Mayi aliyense wobwera kudzasoketsa zipi, mutengere foni, ulembemo nambala yako wekha iye akuona, nawenso usunge yake. Amayi a chilimba uwapemphe aike chithunzi chako pa sitetasi zawo, chifukwa iwo ali ndi manambala a ku Mandevu ndi ku Kabanana amene iwe ulibe.

Ndiye ichi cha "ndifunseni mtengo", unachitola kuti? Kholo likaona mtengo wabisidwa limati ndi wokwera, n'kukwera minibasi ulendo wa ku Kamwala. Chithunzi chimodzi chikwana: diresi waliyala pabwino, wajambula panja masana, chifukwa kuwala kwa babu kumasintha mtundu wa nsalu, ndipo buluu wolakwika aphunzitsi amubweza pageti. Pansi pake ulembe dzina la sukulu, masaizi, mtengo, pamene umasokera, ndi tsiku lomaliza kulandira maoda. Ana a eni usawajambule nkhope, hang'ala sidandaula.

Tsiku lomalizalo uliwerengere, osati kungolota. Tinene kuti umasoka madiresi anayi patsiku ndipo kwatsala masiku khumi. Ndi madiresi 40. Chotsapo masiku awiri a kuzima kwa magetsi kapena maliro, atsala 32. Wa nambala 33 umuuze poyera kuti adzalandira sukulu zitatsegulira. Ngati diresi ndi K150, ayambe wapereka K75 pa Airtel Money kapena MoMo, uione m'foni mwako, kenako lumo likhudze nsalu. Chithunzi cha meseji yakuti "ndatumiza" si ndalama.

Chichokereni 2022 pamene boma linachotsa malipiro m'masukulu ake, makalasi adzaza, ndipo ana onsewo akufuna chovala. Koma ndalama za makolo zimathera pa Khirisimasi, choncho chaka chamawa uyambe kuika zithunzi malipiro a Novembala akangotuluka. Temu ya Meyi ndi ya Sepitembala ogula zatsopano amachepa. Pamenepo lengeza zotsitsa mpendero ndi kusintha makolala.

Alamu akowo uwayankhe mwaulemu: "Alamu, nsalu ndinagula kashi." Akakwiya, awatume amuna ako adzalipire ndiwo.

Azakhali