Mtsinje wa Smetana ndi Manotsi Asanu ndi Atatu a Brahms

Pa mayeso a mbiri ya nyimbo, funso la nyengo ya Chiromantiki, ya zaka za m'ma 1800, limakonda kutiuza kuti tisiyanitse nyimbo zapulogalamu ndi nyimbo za abusoluti. Ambiri timayankha kuti zoyambazo zili ndi nkhani, zachiwirizo zilibe, n'kulekera pomwepo. Yankho lotere limapeza mamalikisi ochepa. Funso lotithandiza n'lakuti: kodi n'chiyani chikulamula kuti gawo ili litsatane ndi linzake?

Mitundu iwiri yonseyi ndi ya zoimbira zokhazokha, yopanda mawu oimba pakamwa. M'nyimbo yapulogalamu, wopeka mwiniyo amatipatsa nkhani, ndakatulo kapena malo oti tiziganizira, ndipo nyimboyo imayenda motsata zimenezo. Hector Berlioz anachita izi mu 1830 ndi Symphonie fantastique: analemba nkhani ya mnyamata wovutika ndi chikondi, ndipo kanyimbo kamodzi koimira mkaziyo kamabwera m'magawo onse asanu. Pambuyo pake Franz Liszt anayambitsa ndakatulo ya simfone, nyimbo ya okesitula ya gawo limodzi lalitali. Nyimbo ya abusoluti yokha imaima payokha. Imatsata mamangidwe a nyimbo, ndipo dzina lake limangokhala mtundu, nambala ndi kiyi. Eduard Hanslick anaikira kumbuyo mbali imeneyi m'buku lake la mu 1854, ponena kuti kukoma kwa nyimbo kuli m'kayendedwe ka mawu ake enieniwo.

Ife a kunyanja kuno sitingavutike kumva Vltava, imene Bedřich Smetana anapeka mu 1874 atangogontha kumene. Tiganize za Bua, kuchokera kumtunda kwa Mchinji, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kudzathira m'nyanja. Smetana anatsata mtsinje wa kwawo chimodzimodzi. Zitoliro zimayamba ndi timawu tothamanga, kasupe woyamba. Makilaneti n'kulowa, kasupe wachiwiri. Akakumana, mavayolini amatenga nyimbo yaikulu ya mtsinje mu kiyi ya E maina. Kenako timamva malipenga a alenje, gule wa paukwati wa kumudzi, ndi bata la usiku wa mwezi. Pa mathithi okesitula yonse imawinduka, ndipo mtsinje ukatambasuka poyandikira mzinda wa Prague, nyimbo ija imabwerera mu E meja. Tikasinthanitsa magawowa, tikaika mathithi patsogolo pa akasupe, nyimbo yonse yasokonekera, chifukwa dongosolo lake ndi ulendo wa madziwo.

Tsopano titenge gawo lomaliza la Simfone yachinayi ya Johannes Brahms, ya mu 1885, nayonso ya mu E maina. Zoimbira zouzira zimayamba ndi manotsi asanu ndi atatu, limodzi pa bala iliyonse. Brahms amabwereza maziko omwewo ka 30, ulendo uliwonse atawaveka chovala china: pena ali pamwamba, pena abisala pansi, pena chitoliro chimodzi chikungowazungulira mwachisoni. Mamangidwe amenewa amatchedwa pasakaliya, ndipo ndi akale, a m'nthawi ya Bach. Pano palibe mtsinje wotiuza chotsatira. Chimene chikulamula ndi mabala asanu ndi atatu aja.

Pali misampha itatu imene imagwetsa anzathu. Woyamba ndi kuganiza kuti nyimbo ya abusoluti ilibe mtima. Wina atha kumva Brahms n'kukumbukira mwera ukuwomba asodzi ali pakati pa nyanja, koma chithunzi chimenecho n'chake, sichinachokere kwa wopeka. Wachiwiri ndi kukhulupirira dzina lililonse. Sonata ya Beethoven yotchuka ndi dzina la kuwala kwa mwezi inapatsidwa dzinalo ndi anthu ena iye atamwalira kale, choncho siikhala yapulogalamu chifukwa cha dzinalo. Wachitatu ndi kuika nyimbo za kwaya kapena opera m'gulu la zapulogalamu. Mmenemo nkhani ili m'mawu oimbidwa, pamene m'nyimbo yapulogalamu zoimbira ndizo zimasenza nkhaniyo.

Tisaiwalenso kuti malire ake si khoma. Simfone yachisanu ndi chimodzi ya Beethoven, ya mu 1808, ili ndi mitu yonena za kamtsinje ndi mkuntho, komabe gawo lake loyamba linamangidwa m'dongosolo la sonata. Vltava nayo imabwereza nyimbo ya mtsinje kuti zonse zigwirane. Wophunzira wotchula zimenezi amaonetsa kuti wamvetsa.

Poyankha, tiyambe ndi tanthauzo la mtundu uliwonse, titchule wopeka, nyimbo ndi chaka ku mbali zonse ziwiri, kenako tionetse chimene chikulamula dongosolo m'chitsanzo chilichonse. Tisanalowe m'chipinda cha mayeso, timvere nyimbo ziwirizi motsatizana tili ndi pepala m'manja. Pa Smetana tizilemba malo amene mtsinje wafika. Pa Brahms tiziwerenga mabala asanu ndi atatu mpaka titamva pamene ayambiranso.