Inivoyisi yosowa imadziulula ndi nambala

Buku la inivoyisi limabwera ndi manambala osindikiza kale, otsatana, ndipo nambala iliyonse iyenera kuoneka komwe inapita. Ikadumphika, pali pepala lomwe silinafike m'kaundula wa zogulitsa, mwinanso ndalama zake sizinafike m'kabati.

Tiyerekeze kuti muli ndi holoselo ya shuga ndi mafuta ophikira, ndipo mwezi uno mwatsiriza buku loyambira 1201 kulekezera 1250. Chotsani nambala yoyamba pa yomaliza, muwonjezere imodzi: 1250 kuchotsa 1201 ndi 49, kuwonjezera 1 ndi 50. Ambiri amaiwala imodziyo. Tsono m'kaundula mwapeza mainivoyisi 47, kutanthauza kuti atatu palibe. Koma ndi ati?

Ngati kaundula ali mu Excel, ikani manambala mu danga A kuyambira pa A2, muwasanje kuchokera pa yaing'ono. Pa B3 lembani izi, n'kukokera mpaka pansi:

```
=A3-A2
```

Pomwe patuluka 1 pali bwino. Tinene kuti pa 1215 patuluka 2: yasowa 1214. Pa 1234 patuluka 4: zasowa zitatu, 1231, 1232 ndi 1233. Zosowa zakwana zinayi tsopano, chonsecho poyamba tinapeza zitatu. Yankho lili pa 1241, pomwe patuluka 0, kusonyeza kuti nambalayi inalembedwa kawiri. Onani masiku. Ngati 1241 imodzi ili ndi tsiku lofanana ndi la 1213 ndi 1215, imeneyo ndi 1214 yomwe kalaliki anatembenuza manambala polemba. Palibe chabedwa apa, ingokonzani.

Zitatu zotsatana zija ndiye zofunika kuzikhalira pansi. Ngati 1230 ndi ya Lachiwiri m'mawa ndipo 1234 ya Lachiwiri madzulo, mwadziwa tsiku komanso yemwe anali pakauntala. Tsegulani buku lenilenilo muone makope a kaboni. Inivoyisi yolakwika imayenera kukhatchidwa n'kutsala m'bukumo, pepala lapamwamba ndi kope lake pamodzi. Mukapeza kope lokha, lapamwamba linapita ndi kasitomala, choncho katundu anatuluka: fananizani ndi buku la sitoko, kenako mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a tsikulo. Mukapeza zonse zinathotholedwa, funsani, koma musathamangire kutchula munthu wakuba. Ena amang'amba pepala pochita manyazi ndi zomwe alakwitsa.

Njirayi ili ndi malire. Excel siidziwa komwe buku lanu lithera, moti ikasowa 1250 yeniyeniyo, mndandanda ungothera pa 1249 popanda chizindikiro chilichonse. N'chifukwa chake nambala yoyamba ndi yomaliza muziitenga pa buku, osati m'kaundula. Amene ali ndi mabuku awiri, la pashopu ndi la pagalimoto yoperekera katundu, asanje lililonse palokha. Ndipo thumba la shuga lomwe latuluka popanda kulembedwa konse silisiya mpata pa manambala. Limenelo mudzaligwira powerenga sitoko.