Mukasiya inshuwalansi ya maliro, musayembekezere chenji

Mphunzitsi wina wa ku Kasakula, ku Ntchisi, akufuna kuimitsa ndalama ya inshuwalansi ya maliro imene amam'dula pa malipiro, kuti aonjezere pogula feteleza. Funso lake ndi lakuti: kodi zimene wapereka kwa zaka zinayi adzam'bwezera?

Aphunzitsi, pepani, nthawi zambiri sabweza. Inshuwalansi ya maliro si banki nkhonde, kumene kumapeto kwa chaka mumagawana. Tiyerekeze kuti amakudulani K5,000 pamwezi. Pa zaka zinayi mwapereka K240,000, koma ndalamayo sinasungidwe m'dzina lanu. Mwezi uliwonse munkagula chitetezo cha mwezi umenewo, monga mmene munthu amalipirira mlonda: wakuba akapanda kubwera, mlonda sabweza malipiro. Pokhapokha chikalata chanu chitanena kuti amabwezako kenakake pakapita zaka zakutizakuti, palibe chimene mungatenge.

Komabe chimene ndikudandaula nacho ine si K240,000 ija. Ndi nthawi. Polowa, makampani amaika miyezi yodikira, kawirikawiri isanu ndi umodzi, ndipo munthu akamwalira ndi matenda mkati mwa miyeziyo salipira. Inu munadikira kale. Mukasiya lero n'kudzalowanso mukagulitsa soya, kudikirako kuyambiranso. Ngati mayi anu, amene munawalembetsa, atatisiya m'miyezi imeneyo, bokosi, galimoto ndi ufa wapasiwa zonse zidzakhala pamutu panu. Mwinanso zaka zawo zidzakhala zitapyola malire olowera, kampani n'kuwakana.

Ena sachita kusiya dala. Munthu amasamutsidwa kapena kusintha ntchito, kudula kuja n'kuima iye osadziwa. Pamakhala masiku okudikirani, nthawi zambiri pafupifupi mwezi. Akatha, chitetezo chimafa mwakachetechete, ndipo banja limadzazindikira tsiku la maliro. Choncho muziyang'ana pepala la malipiro mwezi uliwonse. Dzina la kampani likasowapo, imbani sabata yomweyo.

Inshuwalansi ya moyo yokhala ndi mbali yosunga ndalama ndi yosiyana. Imeneyo mukaisiya patapita zaka zingapo amakupatsaniko, koma m'zaka zoyambirira zimachepa poyerekeza ndi zimene munapereka, chifukwa amayamba achotsa komishoni ya ejenti ndi mtengo wa chitetezo. Musanasaine, apempheni akulembereni ndalama imene mungalandire lero. Afunseninso ngati n'zotheka kusiya kulipira, chitetezo n'kutsala chocheperako.

Kwa inu, Aphunzitsi, ndikadayamba ndafunsa ngati angatsitse mlingo, mwina kufika pa K3,000, m'malo mosiyiratu. Mukatsimikiza kusiya, lembani kalata, sungani kope yodindidwa, ndipo onetsetsani kuti kudula kwaimadi. Akapitiriza kukudulani osabweza, kadandauleni kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi.